Lipoti la ntchito: kuwerengera malita a penti wa makoma a chipinda chochezera

Chipinda chimene ndikunena pano ndi chochezera, m'nyumba yoti anthu akukhalamo kale. M'litali ndi mamita 5.4, m'lifupi mamita 4.2, ndipo kuchoka pansi kukafika kusiling'i ndi mamita 2.8. Chili ndi zitseko ziwiri ndi mazenera atatu. Makoma atatu anali ndi penti wakale wa madzi, wobiriwira koma woderapo kwambiri. Khoma lachinayi, limodzi mwa aatali aja, linali ndi pulasitala watsopano chifukwa wakale anafufuma n'kuyamba kugumuka, ndiye anachita kumugwetsa yense n'kupaka wina. Mwininyumba, mayi wachikulire ndithu, ankafuna kuti chipinda chonse chikhale cha kirimu, ndipo pondiitana n'kuti atagula kale chitini chimodzi cha malita 5 poganiza kuti chikwanira.

Pamene timamaliza n'kuti titathera malita 13.8 a penti wa kirimu ndi malita 2.7 a pulayima, penti woyambira amene amapakidwa pa khoma penti weniweni asanafike. Chimene chandilembetsa lipotili n'chakuti mayiwa anayeza bwino, zitseko ndi mazenera anachotsera bwino, kugawa anagawa bwino, koma yankho linaperewera pafupifupi katatu. Pamene panagona nkhani ndi pa manambala awiri amene tepi yoyezera singakuuzeni: kukula kwa malo amene lita imodzi ipake pa khoma lenilenilo, ndi kuchuluka kwa makoti, kapena kuti maulendo opaka penti, amene khomalo lifune.

Masamu amene ndinawapeza

Anandionetsa pepala limene analembapo. Anaphatikiza mbali zonse zinayi kupeza mamita 19.2 kuzungulira chipinda, n'kuchulukitsa ndi kutalika kwa khoma, mamita 2.8, zimene zinawapatsa masikweya mita 53.76. Atachotsera zitseko ndi mazenera anatsala ndi pafupifupi 45. Pa chitini panalembedwa kuti lita imodzi imapaka masikweya mita 8 mpaka 10. Iwo anatenga 10, nagawa 45 ndi 10, napeza malita 4.5.

"Amisiri, si ndiye kuti theka la lita litsala loti n'kukonzera pamene pathimbirira?" anandifunsa.

Ndinawayankha kuti, "Mayi, malita 4.5 amenewo ndi odutsira khoma kamodzi kokha, komanso khoma lake likhale losalala, losamwa penti. Lanu si lotero, ndipo kamodzi sikabisa chobiriwira ichi."

Ndinene kuti iwo anapewa kale msampha umene ambiri amagweramo, wotenga kukula kwa pansi pa chipinda m'malo mwa makoma. Pansi pa chipinda chimenechi ndi 5.4 kuchulukitsa ndi 4.2, ndiye kuti masikweya mita 22.68, theka chabe la makoma. Nambala imeneyo ntchito yake ndi ya siling'i, ndipo siling'i sinali pa ntchito yathuyi.

Kuyeza khoma lililonse palokha

Kuphatikiza mbali zonse n'kuchulukitsa kamodzi kumathandiza ngati makoma onse ali ofanana mkhalidwe. Apa sanali ofanana, ndiye ndinayezanso lililonse palokha n'kulipatsa mzere wakewake m'kope.

Khoma lalitali lakutsogolo ndi 5.4 kuchulukitsa ndi 2.8, masikweya mita 15.12. Lili ndi chitseko chakunja ndi zenera lalikulu. Chitseko ndimachiyeza pamodzi ndi felemu yake, kuchoka kunja kwa felemu mbali ina kufika kunja kwa felemu mbali inayo, chifukwa felemu sipakidwa penti wa khoma. Zitseko zonse ziwiri zinapezeka za mamita 0.9 ndi 2.1, chilichonse masikweya mita 1.89. Zenera lalikulu ndi 1.8 ndi 1.2, masikweya mita 2.16. Tikachotsera ziwirizi pa 15.12 patsala 11.07.

Khoma lalifupi loyamba ndi 4.2 kuchulukitsa ndi 2.8, masikweya mita 11.76. Lili ndi mazenera awiri ofanana, lililonse 1.2 ndi 1.2, ndiye kuti 1.44 lililonse, onse pamodzi 2.88. Patsala 8.88. Khoma lalifupi lachiwiri lili ndi chitseko cholowera kuchipinda china basi, ndiye 11.76 kuchotsera 1.89, patsala 9.87. Khoma la pulasitala watsopano lilibe chitseko kapena zenera, likhala 15.12 momwemo.

Pali kanthu kamene pepala la mayi aja linalibe, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi kamene anthu ochotsera mazenera amakaiwala. Zenera silikhala molingana ndi nkhope ya khoma, limakhala lolowa mkati. M'chipindachi mazenera onse analowa masentimita 12, ndipo timakoma tam'mbali ndi kam'mwamba tozungulira zeneralo timapakidwa penti yemweyo wa khoma. Mukachotsera zenera lonse osabwezera timakoma timeneti, mwachotsa malo amene mupente ndithu. Pa zenera lalikulu, mbali ziwiri za 1.2 ndi kam'mwamba ka 1.8 zikupanga mamita 4.2, kuchulukitsa ndi 0.12, theka la sikweya mita. Pa mazenera awiri aang'ono zikupanga 0.86. Kam'munsi sindinawerengere chifukwa anaikapo matailosi. Mafelemu a zitseko anadzaza kunenepa konse kwa khoma, choncho kumeneko kunalibe chobwezera.

Ndi zobwezerazo, khoma lakutsogolo linafika 11.57, la mazenera awiri 9.74, la chitseko chamkati linakhalabe 9.87. Makoma atatu akalewa pamodzi ndi masikweya mita 31.2, latsopano 15.1, chipinda chonse 46.3.

Wina anganene kuti sikweya mita imodzi ndi pang'ono n'chiyani. Pa malo okha n'zoona kuti n'zochepa. Koma timakomati timapentedwa ndi bulashi, m'makona ndi m'mphepete mwa felemu, ndipo bulashi imasiya penti wokhuthala kuposa rola. Nyumba ya makoma onenepa, imene mazenera ake amalowa masentimita 20 kapena kupitirira, timakomati timabweza gawo lalikulu la zimene munachotsera. N'chifukwa chake kazenera kakang'ono ngati ka kubafa, kosakwana theka la sikweya mita, ine sindikachotsera n'komwe: chimene ndingachotse ndi chimene ndingabwezere zimangolingana. Masoketi ndi maswichi nawonso sindiwawerengera.

Chinanso chaching'ono koma chowononga: matepi ambiri ali ndi masentimita mbali ina, mainchesi mbali ina. Sankhani mbali imodzi mukhale nayo mpaka mapeto. Sikweya mita imodzi ndi masikweya fiti pafupifupi 10.8, ndiye munthu akayeza m'mafiti n'kugawa ndi nambala ya pa chitini yolembedwa m'mamita, amapeza penti wochuluka kakhumi kuposa amene akufunika.

Nambala ya pa chitini

Chitini chikati lita imodzi imapaka masikweya mita 8 mpaka 10, chikunena za koti imodzi. Mawu akuti koti imodzi nthawi zambiri amalembedwa ting'onoting'ono, ndipo diso la wogula limathamangira pa nambala yaikulu. Nambala yaikuluyo ndi ya khoma losalala, lopentedwa kale, losamwa. Yaing'onoyo ndi imene ili pafupi ndi makoma ambiri amene timakumana nawo.

Kuti mumvetse chifukwa chake nambalayi imasinthasintha, taganizirani zimene zimachitika ndi lita imodzi. Mukaiyala mofanana pa masikweya mita 10, penti wosauma amakhala wonenepa gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ngati pepala limodzi la m'kope. Akamauma madzi amachoka, ndipo chotsala pa khoma, utoto ndi chomatira chake, pa mapenti ambiri a madzi sichifika ndi theka lomwe. Chinthu chopyapyala chonchi sichichedwa kusokonezeka. Khoma likakhala la mchengamchenga, timapiri ndi timaenje take timachulukitsa malo amene penti akuyenera kuphimba, ngakhale tepi ikuti ndi sikweya mita imodzi yomweyo. Khoma likakhala lomwa, gawo lina la penti limalowa mkati m'malo moyala pamwamba. Rola ya ubweya wautali imatula penti wambiri kuposa ya ubweya waufupi. Dzanja la wopenta nalonso lili ndi mbali yake.

Apa ndi pamene maganizo othira madzi amabwerera, ndipo mayi aja anafunsa ndithu ngati sitingachulukitse chitini chawo ndi madzi. Mukathira lita imodzi ya madzi m'malita 5 a penti mupeza malita 6 oti n'kupaka, koma utoto wobisa khoma ndi womwe uja wa malita 5. Mudzayala malo aakulu, madzi adzauma, chotsala chidzakhala chopyapyala kuposa chimene opanga anakonza, ndipo chobiriwira chidzasuzumira. Kenako mudzafuna koti ina, ndiye penti amene mumati mwapulumutsa wabwerera pa khoma pomwepo, ntchito yokha itachuluka. Madzi amathiridwa pamlingo umene chitini chalola, kuti penti aziyenda bwino pa rola kapena kuti alowerere pa koti yoyamba. Powerengera malita ogula, madziwo ine sindiwawerengera.

Khoma lomwa ndimalidziwa ndi madzi. Ndimawaza pang'ono ndi zala n'kuyang'ana. Pa makoma obiriwira aja timadontho tinatsetsereka, khoma n'kungonyowa pang'ono pamwamba. Pa pulasitala watsopano madzi analowa nthawi yomweyo n'kusiya banga lakuda. Ndinapukutanso makoma akalewo ndi chikhatho kuti ndione ngati penti wake wayamba kusanduka fumbi, pakuti penti wotero amamwa ngati pulasitala ndipo watsopano sagwira bwino pamwamba pake. Chikhatho chinabwera choyera, kupatula m'munsi mwa zenera lalikulu mmene dzuwa limawomba. Kumeneko, ndi m'malo mmene tinamata ming'alu ndi mabowo a misomali, ndinalemba kuti tidutsemo ndi pulayima.

Pulasitala watsopano uja anali atatha milungu isanu. Wa simenti amafuna masiku pafupifupi 28 kuti akhwime asanapentedwe, koma masiku okha sindiwakhulupirira, chifukwa kuuma kumadalira nyengo ndi mpweya wolowa m'chipinda. Ndinamata kapulasitiki pa khoma ndi selotepi mbali zonse zinayi n'kukasiya usiku. M'mawa kunsi kwake kunalibe thukuta ndipo khoma silinade, ndiye tinapitiriza. Khoma limeneli linafunika pulayima wa pulasitala, amene amatseka kumwa komanso amapirira ukali wa simenti umene umawononga penti. Chitini chake chinati masikweya mita 6 mpaka 8 pa lita. Ndinatenga 6, chifukwa pulayima ntchito yake ndi yomwedwa: 15.1 kugawa ndi 6 ndi malita 2.5, kuwonjezerapo pang'ono wa m'zigamba. Penti wa kirimu akanakhoza kupakidwa pa pulasitalapo mwachindunji, koma koti yoyamba ikanamwedwa yambiri, ndipo yotsatira ikanauma mawangamawanga, pena powala pena pozimirira.

Makoti angati

Penti wa khoma amapangidwa moti makoti awiri ndiwo amatulutsa mtundu wake weniweni ndi kulimba kwake. Koti imodzi ndimailola pokhapokha ngati tikubwereza mtundu womwewo pa khoma losawonongeka. Khoma latsopano, litalandira pulayima woyera, linafuna makoti awiri.

Makoma obiriwira aja ndinawawerengera atatu. Kuchoka ku mtundu woderapo kupita ku wowala ndi ulendo wovuta kuposa kubwerera. Sindinangonena pakamwa. Pa khoma la chitseko chamkati ndinapaka kachigamba kotalika ngati mkono, kakauma n'kupakanso magawo awiri mwa atatu a kachigambako, kakaumanso n'kupaka gawo limodzi lomaliza. Potero panaoneka masitepe atatu moyandikana. Pa koti imodzi chobiriwira chinkaonekeratu. Pa makoti awiri, munthu ataima pafupi ankati zatheka, koma ataima pakhomo masana kirimuyo ankaoneka wotuwira kubiriwira, ndipo mizere ya bulashi inkadziwika. Pa atatu panali kirimu weniweni. Mayi aja ataziona ndi maso awo sanafunsenso za makoti. Kachigamba kotere muzikaweruza katauma, chifukwa penti wosauma amanamiza, ndipo muzikaona masana, osati ndi getsi la usiku.

Njira ina inalipo, yopaka andakoti woyera wobisa kwambiri poyamba kenako makoti awiri a kirimu. Makoti akanakhalabe atatu, kungoti woyambayo ndi wa chitini china. Pa mitundu yovuta kubisa kwenikweni, monga yofiira kwambiri, ndikanatero. Apa chitini cha kirimu chinalipo kale, ndipo kachigamba kanasonyeza kuti atatu akukwana.

Masamu ake onse amagona pa mzere umodzi:

malita = (malo opentedwa × makoti) ÷ masikweya mita a pa lita

Makoma akale: 31.2 × 3 = 93.6. Khoma latsopano: 15.1 × 2 = 30.2. Pamodzi ndi masikweya mita 123.8. Imeneyi ndiyo nambala imene rola iyende, osati 45 uja. Nditagawa ndi 8, nambala yaing'ono ya pa chitini, ndinapeza malita 15.5. Pamwamba pake ndimawonjezera gawo limodzi mwa magawo 10, la penti wotsalira m'rola, m'thireyi, m'mbali mwa chitini, wodontha pansi, ndi wokonzera pambuyo pake. Zinafika malita 17.

Kuyesa tisanagule

Penti ameneyu amagulitsidwa m'zitini za malita 5 ndi ndowa ya malita 20. Malita 17 ndi nambala yosautsa kwa munthu amene ali kale ndi malita 5. Zitini ziwiri zowonjezera zitifikitsa pa 15, kuperewera. Zitatu zitifikitsa pa 20, kutsala wambiri wa mtundu umene mayiwa analibe kwina koupaka. Kusiyana kwa ziwiri ndi zitatu kunadalira ngati khoma lidye pa 8, pa 9 kapena pa 10, ndipo zimenezo ndikanangolota. Choncho ndinati tigule pulayima yekha kaye, chitini chimene chilipocho chikhale koti yoyamba ya makoma obiriwira, ndipo chitiuze chokha nambala yeniyeni.

Kayesedwe kake n'kosavuta koma kali ndi pobisalira. Rola youma imamwa penti wambiri isanayambe kutula pa khoma. Mukayamba kuwerenga kuchokera pa rola youma, nambala yanu idzatsika mopanda chilungamo. Ndiye tinayamba tanyowetsa rola ndi bulashi mpaka zitakhuta, zimene zinatenga pafupifupi malita 0.3. Kenako tinayeza malita 2 ndi jagi ya mizere n'kuthira m'kandowa koyera, ndipo mnyamata amene ndimagwira naye ntchito anapenta khoma la chitseko chamkati, lija la masikweya mita 9.87, kuyambira kudula m'makona ndi bulashi mpaka kudzaza ndi rola. Ndinamuuza kuti apente mmene amapentera masiku onse, asaumire komanso asataye. Atamaliza tinakhuthulira wotsala m'jagi muja: malita 0.85. Ndiye kuti khoma linadya 1.15. Kugawa 9.87 ndi 1.15 kunatipatsa masikweya mita 8.6 pa lita.

Ndinasankha khoma limenelo dala. Ndi lalikulu mokwanira kuti kulakwitsa pang'ono powerenga jagi kusasinthe yankho kwambiri, ndipo lili ndi makona ndi felemu, choncho ntchito ya bulashi yalowamo. Kuyesa pa sikweya mita imodzi pakatikati pa khoma kumapereka nambala yokoma imene chipinda chonse sichingaikwanitse.

Tinapitiriza makoma awiri enawo. Onse atatu anadya malita 3.6, kuphatikiza 0.3 wa rola uja ndi 3.9, ndipo m'chitini munatsala 1.1. Tsopano chotsala chinali chodziwika bwino: makoti awiri kuzungulira chipinda chonse, 46.3 kuchulukitsa ndi 2, masikweya mita 92.6. Apa ndinagawa ndi 9, osati 8.6, chifukwa koti yoyamba imatseka khoma ndipo zotsatira zimayenda patali. Sindinafike pa 10 chifukwa khoma latsopano, ngakhale lili ndi pulayima, linali lokhakhala pang'ono kuposa anzake. Yankho linali malita 10.3. Zitini ziwiri ndi wotsala uja zikupanga 11.1.

Chotsalira chotetezera chinali malita 0.8, chocheperapo kuposa gawo limodzi mwa 10 limene ndimakonda. Ndinachilola pa zifukwa ziwiri: nambala inali yoyezedwa pa khoma lomwelo ndi dzanja lomwelo, ndipo rola inali itakhuta kale. Usiku tinkaikulunga m'pulasitiki osaichapa, kuti tisataye penti amene ili naye n'kuyambanso kuimwetsa m'mawa. Ndikanakhala kuti ndikudalira nambala ya pa chitini yokha, ndikanawauza kuti agule zitatu.

Zitini ziwirizo zitafika tinaona kuti nambala ya gulu limene zinapangidwira ndi yosiyana ndi ya chitini choyamba. Zimachitika kawirikawiri munthu akagula nthawi zosiyana, ndipo mtundu umatha kusiyana pang'ono, diso osakuona m'chitini koma n'kudzakuona pa khoma pamene zitini ziwiri zakumana. Pa koti yoyamba zinalibe kanthu popeza ikukwiriridwa. Pa zotsatirazo tinakhuthulira zonse, ndi wotsala yemwe, m'ndowa imodzi yoyera n'kutakasa bwinobwino kuti mtundu ukhale umodzi. Kuopsa kwa kuperewera penti kuli pomwepa. Akakutherani pakati pa khoma pa koti yomaliza, sikuti mwangotaya nthawi yokagula wina. Mphepete mwa pamene munalekezera mumauma, ndipo mukadzapitiriza pamaoneka mzere umene suchoka mpaka mutabwereza khoma lonse kuchoka kona kufika kona.

Zimene zinatuluka

Pulayima anadya malita 2.4 pa khoma latsopano, ndiye kuti masikweya mita 6.3 pa lita, ndi 0.3 m'zigamba. Tinagula chitini cha malita 5 chifukwa chipinda china chinali chikudikira pulasitala, apo ayi zitini zitatu za lita imodzi zikanakwana. Ulendo woyamba wozungulira chipinda chonse, umene unali koti yachiwiri ku makoma akale koma yoyamba ku latsopano, unadya malita 5.2, masikweya mita 8.9 pa lita. Womaliza unadya 4.7, pafupifupi 9.9 pa lita. Choncho 10 wa pa chitini uja si bodza ayi, koma tinamuyandikira pa koti yomaliza yokha, khoma litatsekeka kale kawiri. Pakati pa makoti tinkasiya maola anayi monga chitini chinanenera. Onse pamodzi, 3.9 ndi 5.2 ndi 4.7, ndi malita 13.8, ndipo pa 15 panatsala 1.2. Ntchito yonse ikagawidwa, 123.8 ndi 13.8, ikugwera pa masikweya mita 9 pa lita.

Pa koti yomaliza ndinkayang'anira kuti mnyamata uja asayambe kuumira poona ndowa ikutsika, chifukwa ndi mmene anthu amakwaniritsira penti woperewera. Zizindikiro zake zimamveka ndi khutu zisanaoneke: rola imayamba kulira ngati ikumatuka, wopenta amaikanikiza ndi mphamvu, ndipo m'mphepete mwake imasiya timizere. Khoma likauma limaoneka la mikwingwirima mukaliyang'ana cham'mbali kuwala kukuchokera pazenera. Mukaona kuti lita imodzi yapitirira kwambiri nambala yaikulu ya pa chitini, musasangalale, penti wapyapyala. Mbali inayo, akamayenderera kapena kusonkhana m'munsi mwa makona, ndiye kuti wachuluka, ndipo malita anu atha msanga.

Nanga kuchotsera zitseko ndi mazenera kunapindula chiyani? Pali amisiri amene sachotsera n'komwe, amati malo amenewo akhale chotetezera. Pa chipinda chogona cha chitseko chimodzi ndi kazenera kamodzi sindingalimbane nawo. Pano zitseko ndi mazenera zinali masikweya mita 8.82 pa 53.76, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a makoma. Titabwezera timakoma ta m'mazenera, kusiyana kunatsala pafupifupi 7.5, ndipo konseko kunali pa makoma a makoti atatu, ndiye kuti malita 2.5 pa ntchito yonse. Pa nthawi yogula ija, ndikanapanda kuchotsera, makoti awiri otsalawo akanawerengeka masikweya mita 107.5, malita 11.9, kupitirira 11.1 amene zitini ziwiri zimatipatsa, ndipo mayi aja akanagula chitini chachitatu chimene sichikanatsegulidwa. Kuchotsera kumasuntha yankho pang'ono poyerekeza ndi makoti, koma penti amagulidwa m'zitini zathunthu, choncho pang'ono pomwepo pamatha kukudutsitsani malire a chitini. Chotetezera ndi bwino kuchiwonjezera poyera mutamaliza masamu, muchidziwe kukula kwake, kusiyana ndi kuchibisa m'mazenera, chifukwa chipinda china mazenera ake ndi gawo limodzi mwa 20, china ndi gawo limodzi mwa atatu.

Zitseko zenizenizo ndi mafelemu zili ndi masamu akeake, popeza zimafuna penti wina. Chitseko chopentedwa mbali zonse ziwiri chimawerengedwa kawiri, ndipo chimene mwachotsera ku khoma muzichilemba pomwepo pa mzere wina kuti chisaiwalike. Pa ntchito ino zinali za vanishi ndipo mwiniwake sanafune kuti tizikhudze.

Malita 1.2 otsala aja tinawathira m'botolo lotsekeka bwino loti adzaze pafupifupi mpaka kukamwa, chifukwa penti wochepa m'chitini chachikulu amachita chikopa pamwamba ndi mpweya umene uli m'menemo. Pa botolopo tinalemba dzina la mtundu, chipinda chake, ndi manambala atatu: 46.3, makoti, ndi 9. Ndinawachenjeza mayi aja kuti 9 ameneyo ndi wa makoma a m'chipinda chimenechi ndi penti ameneyu. Chipinda chinacho chikadzalandira pulasitala watsopano makoma onse anayi, pulayima adzawerengedwa pa 6 kuzungulira konse, makoti a kirimu adzakhala awiri, ndipo khoma limodzi lidzayesedwanso ndi jagi asanagule zitini zomalizira.